Sevu yapansi mu volebo: kuchoka pakhoma kukafika pabwalo lonse

Gulu limene ndikuphunzitsa lili ndi ana 16 a zaka zapakati pa 11 ndi 13, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anasewerapo masewera a volebo otsata malamulo. Timakumana kawiri pa sabata. Tili ndi mipira 6, neti imodzi, ndi khoma lalitali losalala m'mbali mwa bwalo. Tilipo aphunzitsi awiri, ine ndi mnzanga amene amabwera tsiku limodzi pa masiku awiriwo. Chimene tikufuna n'chakuti pakutha masabata 8 mwana aliyense aziima kuseri kwa mzere wakumapeto, amve wezulo, n'kuwolotsa mpira ndi sevu yapansi, kumenya koyambitsa masewera mkono ukuchokera pansi, masewera ali mkati. Kuchoka pamzere umenewo kukafika paneti ndi mamita 9, ndipo neti tidzaikweza kufika mamita 2.24, msinkhu umene timu za akazi zimasewerapo. Ndikulemba sabata ndi sabata kuti ndizikumbukira chimene chinathandiza ndi chimene chinatitayitsa nthawi.

Sabata 1: mkono ndi mwendo, mpira usanamenyedwe

Tsiku loyamba ndinawalola kuti aliyense amenye mmene akudziwira, ndione pamene tikuyambira. Ambiri ankaponya mpira m'mwamba kupitirira mutu kenako n'kumauthamangira ndi chibakera. Ena ankapinda mkono pachigongono ngati akutunga madzi. Pafupifupi theka anaima mwendo wakumanja uli kutsogolo chonsecho akumenya ndi dzanja lamanja.

Choncho tinayamba ndi kaimidwe. Amene amamenya ndi dzanja lamanja amaika phazi lakumanzere kutsogolo, zala zitaloza kumene mpira ukupita, maondo atapinda pang'ono, thupi litaweramira kutsogolo. Dzanja lamanzere limanyamula mpira pamsinkhu wa chiuno. Apa pali chinthu chimene ana amachiphonya: mpirawo suyenera kukhala pamchombo, uyenera kukhala kutsogolo kwa ntchafu yakumanja, munjira imene mkono womenya udutse. Mpira ukakhala pakati pa thupi, mkono umachita kukhota kuti ukaupeze, ndipo sevu imathawira kumanzere. Tili ndi ana awiri amanzere, iwowa zonse amachita motembenuza, ndipo ndinawaimika kumapeto kwa mzera kuti asamasokonezeke poonera anzawo.

Mkono womenya uziyenda ngati katungwe, wowongoka, kuchokera paphewa, kudutsa pafupi ndi ntchafu. Tinachita zimenezi opanda mpira kwa mphindi zingapo: kulemera kwa thupi kuli pamwendo wakumbuyo, mkono ubwerere, kenako thupi lisamukire pamwendo wakutsogolo nthawi imodzi ndi mkono. Kenako ndinawauza kuti aziponyerana mpira chapansi ndi dzanja limodzi awiriawiri, ndipo pomaliza aziugubuduza pansi motsata mzere. Kugubuduzaku kumaoneka ngati chibwana koma kumaulula zambiri. Mkono ukapita chopingasa, mpira umasiya mzere pompopompo, ndipo mwanayo amadzionera yekha popanda ine kumuuza.

Za pomenyera ndinawapatsa njira imodzi yokha: tsinde la chikhatho, dzanja litauma, zala zitapindidwa pang'ono. Amene akufuna kufumbata chibakera afumbate, koma chala chachikulu chikhale pambali, osati pamwamba pa zala zina, ndipo amenye ndi mbali yafulati ya mkati. Chala chachikulu chikakhala pamwamba chimasanduka kachitumbu, mpira ukagunda pamenepo umapita kumene ukufuna.

Sabata 2: pakhoma, mamita 3

Ndinajambula mzere ndi choko pakhoma pa mamita 2.24, wina pansi pa mamita 3 kuchokera pakhomalo. Ana atatu kapena awiri pa mpira umodzi: wina akumenya, wina akutola, wina akuwerenga. Ubwino wa khoma ndi umenewu, mpira umabwerera wokha. Pa mphindi 10 mwana amamenya kambirimbiri, pamene paneti nthawi yambiri imathera kuthamangitsa mipira.

Vuto lalikulu sabata ino silinali dzanja lomenya ayi, linali dzanja lonyamula. Lamulo la volebo limati mpira umenyedwe ndi dzanja limodzi kapena mbali iliyonse ya mkono utaponyedwa kapena utasiyidwa kuchoka m'dzanja. Ndiye kuti suyenera kumenyedwa uli chikhalire pachikhatho. Ana atamva zimenezi anayamba kuuponya m'mwamba kwambiri, ndipo mpira woponyedwa m'mwamba umafika pamalo osiyana nthawi iliyonse: pena kutsogolo, pena pafupi ndi thupi, pena pamwamba pa chiuno. Ndinasintha mawu. Sindinenanso kuti "ponya", ndimati "chotsa dzanja". Dzanja lamanzere limangotsika n'kupatuka mkono womenya utatsala pang'ono kufika, mpira n'kukhala m'malere kanthawi kochepa chabe. Kusintha liwu limodzi lokhali kunakonza ana ambiri kuposa zonse zimene ndinalongosola tsiku loyamba.

Pokonza zolakwika ndasiya kuyang'ana mwana, ndimayamba ndayang'ana mpira. Ukakwera molunjika kumwamba kapena kubwerera kumbuyo, ndiye kuti wamenyedwa kunsi kwenikweni ndiponso mochedwa, mkono utakwera kale kufika pachifuwa, ndipo kawirikawiri chigongono chimakhala chitapinda. Ukapita chamunsi n'kukagunda khoma pansi pa mzere, wamenyedwa kumbuyo kwenikweni kapena mofulumira, mkono ukadali pafupi ndi ntchafu. Malo abwino ali pakati: kunsi kwa pakati pa mpira pang'ono, chakumbuyo. Mipira yathu ili ndi kabowo kopopera, ndiye ndimawauza kuti autembenuze kabowoko kakhale pamalo omenyawo, maso akhale pamenepo mpaka dzanja litagunda. Ukamapita uku ukuzungulira chammbali, ndiye kuti dzanja lagunda m'mphepete kapena linali lopendekeka. Khutu nalo limathandiza. Mpira womenyedwa bwino umalira mofupika, "phu", pamene womenyedwa ndi zala umamveka ngati mbama.

Mwana wina anadandaula kuti dzanja likupweteka. Nditaugwira mpira umene ankagwiritsa ntchito ndinapeza kuti unapopedwa mpaka kuuma gwa. Mpira wa volebo ndi wopepuka, umalemera magalamu 260 mpaka 280, ndipo sufuna mpweya wambiri. Uyenera kulola chala kulowa pang'ono ukaudina. Tinachotsako mpweya m'mipira iwiri. Mwana amene akuopa kupweteka amabweza dzanja pomenya, ndipo chizolowezi chimenecho chikakhazikika chimavuta kuchotsa.

Sabata 3: pakhomabe, mamita 4 mpaka 6

Tinaika lamulo losunthira: mwana akamenya pamwamba pa mzere maulendo 8 pa 10, abwerere m'mbuyo mita imodzi. Akalephera maulendo atatu motsatizana pamalo atsopanowo, abwerere kutsogolo, popanda manyazi, popanda kuseka. Ndinajambulanso mizere iwiri yoima, yotalikirana mamita 2, kuti mpira uzigunda pakati pake, chifukwa pabwalo lenileni mpira uyenera kudutsa pakati pa timitengo tiwiri tomangidwa m'mbali mwa neti.

Pakutha pa sabata ana 12 anali atafika pa mamita 6. Ndinapita kunyumba ndili wokhutira, n'kumaganiza kuti mwina masabata 8 achuluka.

Sabata 4: paneti koyamba, ndipo khoma linatinamiza

Tinamanga neti motsitsa, pa mamita 2, ana n'kuima mamita 6 kuchokera paneti, mtunda womwewo umene ankatha pakhoma. Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi. Ana amene pakhoma ankapeza 8 pa 10 ankangowolotsa mipira itatu kapena inayi. Ina inkakodwa paneti. Ina inkawoloka mwamwayi n'kugwera pafupi penipeni, isanafike n'komwe pamzere wa mamita 3 wa mbali inayo.

Mnzanga anaima pambali n'kumayang'ana mwakachetechete, kenako anandiitana. "Akulu, taimani apa muone. Mipira yonseyi ikufika paneti ikutsika kale, ilibenso mphamvu. Kukhoma kuja munkawerenga chiyani?"

Ndinkawerenga kuti yagunda pamwamba pa mzere, basi. Khoma limadula ulendo wa mpira pakati. Limakuuza ngati mpira walunjika, limakuuza msinkhu umene wafika, koma silikuuza kumene ukanakagwera. Mpira wofooka umene wakwera n'kuyamba kugwa, ukakhudza khoma chala chimodzi pamwamba pa choko, unkawerengedwa kuti wakhoza mofanana ndi mpira wamphamvu umene ukanauluka mamita 14. Ana ndi ochenjera, anapeza mphamvu yochepetsetsa yofikira pamzere n'kukhazikika pomwepo. Kwa masabata awiri ndinkawayamikira chifukwa chomenya mofooka.

Usiku ndinakhala pansi n'kuwerengera kuti sevu yeniyeni imayenda bwanji. Mwana amamenya mpira uli pamsinkhu wa masentimita 80 kapena kuyandikira pamenepo. Tinene kuti waima pamzere wakumapeto ndipo tikufuna mpira ukagwere pakati pa bwalo la mbali inayo, umene ndi ulendo wa mamita 13 kapena 14. Njira yosafuna mphamvu zambiri ndi yoti mpira unyamuke mopendekeka, pakatikati pa kulunjika kumwamba ndi kulunjika kutsogolo. Mpira woterowo ukayenda mamita 3 oyamba umakhala utafika kale pamsinkhu wa pafupifupi mamita 3, ndipo ukukwerabe. Pamwamba penipeni umafika cha pa mamita 4, neti isanakwane pang'ono, ndipo umadutsa neti uli pamwamba ndi malo okwanira. Tanthauzo lake n'lakuti mwana amene waima mamita 3 kuchokera pakhoma n'kumalinga mzere wa 2.24 sakuyeserera sevu ya pabwalo ayi, akuyeserera kamenyedwe kena kofooka ndi kotsika. Mzere wa neti pakhoma umanena zoona pokhapokha womenya ataima kutali ngati mmene adzaimire pabwalo.

Tsiku lachiwiri tinabwerera kukhoma ndi malamulo atsopano. Mzere wakale ndinausiya, n'kujambula wina pa mamita 3, nditakwera pampando. Woima pa mamita 3 alinge mzere wapamwambawo. Ndipo kugunda kokha sikukwanira: mpira ufike pakhoma ukukwera. Zimenezi n'zosavuta kuona. Mpira umene wagunda khoma ukukwera umapitiriza kukwera pobwerera, n'kudutsa pamutu pa amene waumenya. Umene wagunda ukutsika umangogwera patsinde pa khoma kapena kumapazi kwake. Ndiye wotola uja ndinamuimika kumbuyo kwa womenya, masitepe angapo, ndipo sevu imawerengedwa pokhapokha iye ataugwira mpirawo usanagwe pansi. Manambala anatsika tsiku limenelo, amene ankapeza 8 anayamba kupeza 4 kapena 5, koma kamenyedwe kanasintha ndikuona. Mikono inayamba kubwerera kumbuyo mokwanira, miyendo inayamba kugwira ntchito.

Ndikadzayambanso ndi gulu lina, khoma lidzakhala la masiku atatu okha, la kuphunzira kugunda mpira pamalo oyenera. Ndipo kuyambira sabata yachiwiri ndidzamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri kuti ana aziona mpira wawo ukuuluka mpaka kukagwa.

Sabata 5: kuchoka pa mamita 6 kupita pa 9

Paneti tinayambiranso pafupi, pamzere wa mamita 3, awiriawiri moyang'anizana, wina mbali ino wina mbali inayo. Womenya alinge mnzake, mnzakeyo augwire n'kubweza ndi sevu. Wogwira amaima kutali ndi neti kuposa womenya, kuti diso la womenya lizilinga munthu amene ali mkati mwa bwalo, osati neti. Ndaona kuti mwana akayang'ana neti amamenya neti. Ndinaika makoni m'mbali pa mamita 4.5, 6, 7.5 ndi 9, ndipo lamulo la 8 pa 10 lidakalipo, kungoti tsopano mpira uyenera kugwera kupitirira mzere wa mamita 3 wa mbali inayo.

Mpaka pa mamita 6 zinayenda. Pa 7.5 ndi pamene kaimidwe ka ana ambiri kanaphwasuka, ndipo ndilemba za mtsikana mmodzi chifukwa iyeyu anaonetsa zonse zimene zimachitika pamenepa.

Ndi wamng'ono thupi pagulu lonse, wa zaka 11, ndipo pa mamita 6 sevu yake ndi yosiririka: yowongoka, yosazungulira, 9 pa 10. Atafika pa 7.5 anapeza 2 pa 10, ndipo mipira yolakwikayo siinkaperewera mtunda ayi, inkathawira kumanzere, ina mpaka kutuluka kunja kwa kamtengo. Ndinaima kumbuyo kwake. Pofuna mphamvu ankapotoza thupi lonse, phewa lakumanja n'kupita kumbuyo, ndiye mkono m'malo moyenda ngati katungwe unkazungulira chammbali ngati akumweta udzu, n'kukathera paphewa lakumanzere. Dzanja lonyamula nalo linayambiranso kuponya mpira m'mwamba, chifukwa kubwerera kwakutaliko kunkafuna nthawi yambiri. Zolakwika zitatu, gwero limodzi.

"Aphunzitsi, n'kutali, ine mphamvu ndilibe," anatero, misozi ili pafupi.

Sindinatsutsane naye. Ndinamubweza pa mamita 6 n'kumuuza kuti amenye monga mwa masiku onse, ndipo mnzanga anaika koni pamene mpira unagwera. Unagwera mamita 4 kuseri kwa neti. Tinayenda limodzi kuwerenga: 6 kuphatikiza 4, mamita 10. "Iwe, kuchoka pamzere wakumapeto kufika paneti ndi mamita angati?" Anati 9. Anaima kaye n'kumayang'ana koniyo. Mamita 10 sakwanira kuwolotsa mpira kuchokera pamzere wakumapeto, chifukwa pa mita ya 9 mpira umakhala utatsika kale pansi pa neti, koma anaona ndi maso ake kuti chimene chikusowa n'chochepa, si phiri limene ankaliganizira.

Ndipo n'chochepadi. Mtunda umene mpira umauluka umakula mofulumira kuposa liwiro limene wanyamuka nalo. Kuti ulendo wa mamita 10 usanduke wa mamita 13, liwiro liyenera kuwonjezeka ndi pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 7. Ana amaganiza kuti pafunika mphamvu zowirikiza kawiri, ndiye amataya kamenyedwe kabwino kuti apeze mphamvu zimene sizikufunika n'komwe. Kagawo kakang'onoko kamachokera m'miyendo.

Tinachita zinthu ziwiri. Choyamba, sitepe: ayambe mapazi ali pafupi, kulemera kuli pamwendo wakumanja, ndipo pamene mkono ukubwera kutsogolo phazi lakumanzere liponde sitepe imodzi yaitali, bondo lipinde, thupi lonse lilowe mumpira. Chachiwiri, ndinamuimika pambali pa khoma, phewa lakumanja litatalikira khomalo ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri, n'kumayendetsa mkono popanda mpira. Mkono ukafuna kuzungulira, khoma limauletsa. Apa khoma linagwira ntchito yabwino kuposa ija ya choko. Ndinamuuzanso kuti akamenya aime chilili, dzanja litaloza kumene mpira wapita, awerenge mpaka 2. Dzanja likathera kutsogolo kwa nkhope, zili bwino. Likathera paphewa lina, akudziwa yekha chimene chachitika.

Sindinamubwezere pa 7.5. Tinapita pa 6.5, kenako 7, theka la mita nthawi imodzi, mtunda woti thupi silizindikira kuti wasintha. Pakutha pa tsiku lachiwiri anali pa 7.5 ndi 7 pa 10, mipira yolakwika ikuperewera pang'ono koma itawongoka. Kuperewera kowongoka sindida nako nkhawa, kumatha kokha. Makoni onse tsopano ndawaika motalikirana theka la mita kuyambira pa 6 kupita m'mbuyo.

Palinso vuto lotembenuka. Mnyamata wamtali pagululi amafika pa mamita 9 mosavuta, koma amamenya mpira wotsika wamphamvu umene umangodutsa pamwamba pa neti ndi chala chimodzi. Ukawoloka anzake amakuwa, iye n'kumayenda monyada, koma theka la mipira yake limathera muneti. Iyeyu ndamumangira chingwe chachiwiri mita imodzi pamwamba pa neti, ndipo sevu yake imawerengedwa ikadutsa pamwamba pa chingwecho. Sakukondwa nazo.

Sabata 6

Tinakumana tsiku limodzi lokha, ndipo kunali mphepo yamphamvu yowomba motsata bwalo. Mbali ina mipira inkatuluka kumapeto, mbali ina siinkafika paneti. Sitinawerenge chilichonse, zikanangowafooketsa. Neti tinaikweza kufika pa 2.24 osalengeza, ndipo palibe amene anazindikira.

Sabata 7: mzere wakumapeto, wezulo ndi malamulo

Ana 11 tsopano akuseva kuchokera kuseri kwa mzere wakumapeto, asanu ali pakati pa mamita 7 ndi 8. Sabata ino tinalowetsa zimene woyimbira amayang'ana.

Phazi lisaponde mzere kapena kulowa m'bwalo pa nthawi imene dzanja likugunda mpira. Ukatha kumenya ukhoza kulowa. Sitepe imene tinaphunzitsa mu sabata 5 yabweretsa vuto lake apa: ana amaima pafupi ndi mzere kuti mtunda uchepe, sitepe ija n'kuwafikitsa pamzere. Aliyense anayeza sitepe yake chobwerera kuchokera pamzere, n'kuwonjezera phazi limodzi, ndipo pamenepo ndiye poyambira pake. Zikutanthauza kuti mtunda weniweni woyambira umaposa mamita 9, chinthu chimene ndikanayenera kuchiganizira poika makoni.

Wezulo ikalira, woseva ali ndi masekondi 8. Ana amamva ngati ndi sekondi imodzi, amamenya wezulo isanathe n'kulira komwe. Ndinawaimika onse n'kuwerenga masekondi 8 mokweza, ndipo anaseka poona kutalika kwake. Aliyense tsopano ali ndi kachitidwe kake kosasintha: kuyang'ana phazi, kuyang'ana kumene akulinga, kupuma kamodzi, kumenya. Ena amadunda mpira kawiri asanayambe, lamulo limalola. Chimene silimalola ndi kuponya kapena kusiya mpira kachiwiri: ukangochoka m'dzanja kuti umenyedwe, mwayi ndi womwewo. Ukaseva wezulo isanalire, sevuyo imafafanizidwa n'kubwerezedwa. Mpira ukakhudza neti n'kuwolokera m'bwalo la mbali inayo, masewera amapitirira, ndipo ukagwera pamzere uli mkati. Ziwiri zomalizazi zinathetsa mikangano imene inkadya nthawi yathu.

Tinayambanso kulinga. Woseva akhoza kuima paliponse kuseri kwa mzere wakumapeto m'lifupi lonse la mamita 9, koma panopa ndawauza kuti aziima cha pakati, pamene mpira wopatuka pang'ono umagwerabe mkati. Bwalo la mbali inayo tinaligawa pawiri ndi chingwe, kumanja ndi kumanzere. Polinga sasintha mkono, amatembenuza phazi lakutsogolo ndi chiuno kuti ziyang'ane kumene akufuna, mkono n'kuyenda njira yake yomwe ija. Amene amayesa kukhotetsa mpira ndi dzanja amabwerera ku vuto la kumweta udzu.

Sabata 8: masewera enieni

Tinayamba ndi atatu kwa atatu, olandira akuloledwa kuugwira mpira woyamba, kenako tinalowa 6 kwa 6 pabwalo lonse, ndi kuzungulira kwa malo, mnzanga akuyimbira. Asanu aja amene sanafike pamzere wakumapeto amaseva pamzere wa choko wa mamita 7.5. Ndinaganizapo zowapatsa mwayi wachiwiri akaphonya, koma ndinakana. Pamasewera enieni sevu yophonya ndi pointi ya timu inayo nthawi yomweyo, ndipo ndi bwino azolowere kulemera kwake ali pamtunda umene angathe. Ndinaikanso malire akuti mwana mmodzi akaseva katatu motsatizana timu izungulire, apo ayi ana awiri amphamvu akanamaliza seti yonse ya mapointi 25 anzawo akungoyang'ana.

Manambala a pamasewera ndi otsika kuposa a poyeserera, ndipo chifukwa chake ndachiona. Poyeserera mwana amamenya mipira 10 motsatizana: woyamba ukaperewera, wachiwiri amakonza, pofika wachitatu wapeza muyeso. Pamasewera amamenya umodzi, atatha mphindi zingapo akuthamanga, akupuma mwawefuwefu, anzake akumuyang'ana. Lamulo langa la 8 pa 10 limayeza luso lokonza, pamene masewera amafuna mpira woyamba. Nditabwerera m'kope langa ndinapeza kuti mwa ana ambiri, mipira iwiri yophonyayo pa 10 inkakhala yoyambirira.

Mtsikana wamng'ono uja anaseva kanayi kuchokera pamzere wakumapeto: itatu inawoloka, umodzi anaponda mzere. Mnyamata wamtali anawolotsa yonse ndipo chingwe chachiwiri tachichotsa, ngakhale sevu yake yomaliza inayambanso kutsika atamva anzake akumuchemerera.

Tawonjezera masabata awiri. Kuwerenga kwa 10 motsatizana kwatha. Mwana aziseva mpira umodzi wezulo italira, athamange kukalowa pamalo ake kumbuyo chakumanja, alandire mpira umene ndimuponyere, azungulire bwalo, kenako akaime pamzera kudikira ulendo wina. M'kope muzilembedwa sevu zoterozo zokha. Asanu a pa 7.5 aja apitiriza kubwerera theka la mita, ndipo koni yomaliza ndaisunthira sitepe imodzi kuseri kwa mzere.